Sitiroko: zoyenera kuchita m'maola anayi oyamba, ndi zoyang'anira masabata otsatira

Abale ndi alongo okhala ku Oldbury ndi madera oyandikira, tiyambe ndi nkhani ya chipatala, chifukwa ena mwa ife tikadali ndi mapu akale m'mutu. Dipatimenti ya odwala mwadzidzidzi ya chipatala cha Sandwell General ku West Bromwich inatsekedwa mu Okutobala 2024, ndipo ya chipatala cha City pamsewu wa Dudley inatsekedwa mu Novembala chaka chomwecho. Ntchito imeneyi inasamukira ku chipatala chatsopano cha Midland Metropolitan ku Smethwick. Munthu amene anganyamule wodwala sitiroko pagalimoto n'kuthamangira komwe ankadziwa kale angotaya nthawi pachabe. Koma ngakhale mukudziwa njira ya ku Smethwick, ife tikuti musamunyamule nokha. Imbani 999. A ambulansi amayamba kumuyeza wodwalayo ali m'nyumba momwemo, amadziwa chipatala choyenera, ndipo amaimbiratu foni kuti gulu loona za sitiroko limudikirire pakhomo.

Chimene chimachitika m'mutu

Sitiroko, imene kwathu timati kufa ziwalo, imabwera magazi akasiya kufika mbali ina ya ubongo. Mwa odwala 100, pafupifupi 85 amadwala chifukwa mtsempha watsekeka ndi magazi oundana. Otsalawo mtsempha umakhala waphulika ndipo magazi akukhetsekera muubongo. Kunja zizindikiro zimafanana. Ngakhale dokotala sangasiyanitse mitundu iwiriyi ndi maso, mpaka wodwala ajambulidwe m'mutu ndi makina a sikani. Sungani mfundo imeneyi, tibwereranso.

Ubongo susunga chakudya kapena mpweya. Katswiri wina wa ku America, Jeffrey Saver, anawerengera mu 2006 kuti mtsempha waukulu ukatsekeka, maselo a ubongo pafupifupi 1.9 miliyoni amafa pa mphindi iliyonse. Pakati penipeni pa malo ovulala pamafa msanga. Koma m'mphepete mwake mumakhala mbali ina imene yangokomoka, ikulandirabe magazi pang'ono kuchokera ku timitsempha tapafupi. Mbali imeneyo ndi imene madokotala amalimbirana, ndipo imachepa ola lililonse.

Nkhaniyi ndi yathu kwambiri. Kuno ku Britain anthu akuda amadwala sitiroko kawirikawiri kuposa azungu, komanso ali ocheperako zaka. Chifukwa chachikulu ndi bipi yokwera, imene siwawa, ndiye munthu amagwira nayo ntchito zaka zambiri osadziwa. Shuga nayenso amawonjezera.

Zizindikiro zitatu, ndi nthawi

Pa zikwangwani ndi pa wailesi ya kanema mumaona mawu akuti FAST. Boma linayamba kuwalengeza mu 2009. Zilembo zinayizo zikuimira mawu achingerezi otanthauza nkhope, mikono, kulankhula ndi nthawi. Muuzeni munthuyo amwetulire, muone ngati mbali imodzi ya pakamwa yagwa. Muuzeni akweze mikono yonse iwiri n'kuisiya m'mwamba, muone ngati umodzi ukutsika wokha. Muuzeni anene chiganizo chachifupi. Chizindikiro chimodzi chokha n'chokwanira kuimba foni. Musadikire kuti zikwane zitatu.

Pa kulankhula pali msampha kwa ife olankhula zilankhulo ziwiri. Bwana wa kuntchito akamva mnzathu akusokoneza mawu angaganize kuti ndi chingerezi chake chabe. Ife amene timamudziwa ndi amene tingazindikire kuti ayi, uyu salankhula chonchi. Mulankhuleni m'Chichewa. Ngati lilime likulemera ngati waledzera, kapena akutchula mawu osagwirizana, kapena akukuyang'anani osamva zimene mukunena, auzeni a ambulansi momveka bwino kuti ngakhale chilankhulo chake chobadwa nacho chasokonekera.

Sitiroko ina sigwidwa ndi mayeso atatuwa, makamaka yakumbuyo kwa ubongo. Imabwera ndi chizungulire champhamvu, kudzandira, kuona zinthu ziwiriziwiri, kusaona mbali imodzi, kapena mutu woopsa umene munthu sanaumvepo. Chozindikirira chake n'chakuti zonsezi zimagwa mwadzidzidzi, munthu ali bwinobwino. Ndipo ngati zizindikiro zatha zokha patapita mphindi khumi, musati walaka. Kameneko ndi kasitiroko kochenjeza, ndipo yaikulu ikhoza kutsatira m'masiku oyambirira omwewo. Munthu wotere ayenera kuonedwa ndi katswiri pasanathe maola 24, ndipo saloledwa kuyendetsa galimoto kwa mwezi umodzi.

Tiyerekeze ndi wotchi m'manja

Tiyerekeze bambo wa zaka 52, wogwira ntchito usiku m'nyumba yosungira katundu, amene akukhala nyumba imodzi ndi anzake atatu. Waweruka, ndipo 7 koloko m'mawa akumwa tiyi ndi mnzake kukhitchini, akucheza bwinobwino. Mnzakeyo wapita kukasamba. Pobwerera, nthawi ili 7:40, wamupeza atatsamira tebulo, kapu ili pansi, mkono wamanja uli lende, mawu sakutuluka.

Funso loyamba limene anamwino adzafunse ndi lakuti: munamuona komaliza ali bwino nthawi yanji? Yankho ndi 7 koloko, osati 7:40. Wotchi ya madokotala imayambira pamenepo. Mankhwala osungunula magazi oundana, amene amaperekedwa kudzera mumtsempha, nthawi zambiri amaperekedwa pasanathe maola anayi ndi theka. Kwa bamboyu malire ndi 11:30. Zikuoneka ngati nthawi ilipo yambiri, eti? Koma ambulansi iyenera kufika, amuyeze, amunyamule, kuchipatala amujambule, dokotala awerenge chithunzicho, ndipo ngati bipi yaposa 185 pa 110 ayambe aitsitsa asanamupatse mankhwalawo. Komanso 11:30 ndi malire chabe. Mankhwala operekedwa 9 koloko amapulumutsa ubongo wambiri kuposa operekedwa 11 koloko.

Tsopano taonani mmene nthawi imathera m'nyumba zathu. Mnzake uja akuyamba kuimbira mlamu wa wodwala ku Leicester, mphindi 15 zapita. Mlamu akuti mugonekeni kaye, mwina ndi kutopa kwa ntchito ya usiku. Wina akuti tidikire 8 koloko tiimbire dokotala wa kukiliniki. Wina akuopa za mapepala. Pofika 10 koloko m'pamene akuimba 999, ndipo mwayi wa mankhwala uja watsala pang'ono kutha. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Pemphero silikuletsedwa, koma lichitike foni itaimbidwa kale. Za mapepala tinene poyera: ambulansi ndi chithandizo cha m'dipatimenti ya odwala mwadzidzidzi salipiritsa munthu aliyense, kaya mapepala ake ali bwanji. Munthu akagonekedwa m'wodi, ena amene sali pa ndondomeko ya chithandizo chaulere amatha kulandira bilu pambuyo pake, koma chithandizo chopulumutsa moyo sachiimitsa podikira ndalama.

Poimba, tchulani mawu akuti sitiroko koyambirira, perekani adiresi ndi positikhodi, ndipo ngati chingerezi chikuvuta chifukwa cha mantha, pemphani womasulira. Podikira, lembani nthawi ija papepala. Sonkhanitsani mankhwala onse amene wodwala amamwa. Ngati amamwa ochepetsa kuundana kwa magazi, monga wofarini, nenani msanga pamodzi ndi nthawi imene anamwa komaliza, chifukwa zimenezo zimasintha chithandizo chonse. Ngati akusinza kapena akusanza, mugonekeni chammbali. Mmodzi atsegule chitseko n'kuima panja.

Musamupatse kanthu kalikonse pakamwa. Madzi ayi, tiyi ayi, phala ayi. Asipirini nayenso ayi. Ambiri tinamva kuti asipirini amathandiza pa vuto la mtima, ndipo n'zoona, koma kumbukirani mitundu iwiri ija. Ngati mtsempha waphulika, asipirini awonjezera kukha magazi. Kuchipatala amamupereka pokhapokha sikani itaonetsa kuti mulibe magazi okhetseka, ndipo kwa amene walandira mankhwala osungunula aja amadikira maola 24.

Nanga bamboyu akanakhala kuti anagona 8 koloko m'mawa, n'kudzuka 2 koloko masana mkono utafa kale? Nthawi yomuona ali bwino ikanakhala 8 koloko, ndipo maola anayi ndi theka akanakhala atadutsa. Kale zikatero ankati basi. Masiku ano sikani zapadera zimatha kuonetsa ngati mbali yokomoka ija ikadalipo, ndipo ena amathandizidwabe. Palinso njira yochotsa magazi oundana ndi kachubu kolowetsa mumtsempha wa m'mphechepeche kapena wa pamkono mpaka kukafika muubongo. Imagwira bwino m'maola 6 oyamba, koma kwa odwala ena osankhidwa imatheka mpaka maola 24. Kuno kwathu imachitikira ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Edgbaston, dzina lofanana ndi la chipatala chathu chachikulu cha ku Blantyre. Ndiye mukamva kuti m'bale wanu akumusamutsira kumeneko musadabwe. Ndipo musanene kuti tachedwa kale, palibenso chifukwa choimbira.

Chifukwa chake anamwino amakaniza madzi

Pano m'pamene mabanja athu amakangana ndi anamwino. Kwathu gadiyani amabwera ndi phala m'fulasiki, ndipo kusadyetsa wodwala kumaoneka ngati nkhanza. Ndiye mukafika pawodi n'kupeza pamwamba pa bedi palembedwa zilembo zakuti NBM, kutanthauza kuti asalandire kanthu pakamwa, mtima umawawa. Milomo yauma, wodwala akukuyang'anani. Tikumvetsa. Koma tamverani chifukwa chake.

Pakhosi pali njira ziwiri zoyandikana, ya chakudya yopita m'mimba ndi ya mpweya yopita m'mapapu. Tikamameza, minofu yambiri imagwira ntchito pamodzi mwachangu kutseka njira ya mpweya. Sitiroko imasokoneza zimenezi mwa odwala pafupifupi theka m'masiku oyamba. Madzi kapena chakudya chikalowa m'mapapu chimatenga tizilombo ta m'kamwa, ndipo patapita tsiku limodzi kapena awiri chibayo chayamba. Chibayo chimenechi ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimapha kwambiri anthu amene sitiroko yeniyeniyo anaipulumuka.

Choopsa kwambiri n'chakuti ena satsamwa n'komwe. Sitiroko imatha kupha kumva kwa pakhosi, ndiye madzi amatsikira m'mapapu mwakachetechete, wodwala osatsokomola. Mawu akuti tamupatsa pang'ono ndipo sanatsokomole si umboni wa chilichonse.

Malamulo a zipatala za kuno amati wodwala sitiroko ayesedwe kameza pasanathe maola anayi chifikireni, asanapatsidwe chakudya, madzi kapena mapilitsi. Namwino wophunzitsidwa amayamba waona ngati wodwala ali maso ndipo angathe kukhala tsonga. Kenako amamupatsa madzi pang'ono pa kasupuni, akumvetsera mawu ndi kapumidwe, asanafike pa kapu. Akalephera, amaitana katswiri wa kulankhula ndi kumeza. Pakadali pano madzi amalowa kudzera mu diripi, ndipo ngati sangathe kumeza bwino amamuika kachubu kodzera m'mphuno kufika m'mimba, kawirikawiri m'maola 24 oyamba. Wodwala sakufa ndi njala. Ambiri kameza kamabwerera m'masabata ochepa ndipo kachubuko amakachotsa.

Chimene inu mungathandize nacho n'kutsuka m'kamwa. Chimaoneka chaching'ono koma chimachepetsa tizilombo timene tingatsikire m'mapapu pamodzi ndi malovu. Mano, nkhama ndi lilime zitsukidwe katatu pa tsiku, ngakhale kwa amene akudyera m'kachubu. Pemphani namwino akuonetseni katsukidwe kosasiya madzi m'kamwa.

Akayamba kudya, katswiri uja amalemba mlingo wa chakudya ndi zakumwa. Kuyambira 2019 zipatala ndi nyumba zosamalira okalamba za kuno zimagwiritsa ntchito manambala ochokera pa 0 kufika pa 7. Nambala 0 ndi madzi wamba, 4 ndi chakudya chosalala ngati phala lolimba lopanda mibulu, 7 ndi chakudya cha masiku onse. Ambiri a inu ogwira ntchito yosamalira okalamba mukuwadziwa kale manambalawa. Vuto limabwera ndi zakudya zathu, zimene papepala la kuchipatala sizilembedwa. Nsima imaoneka yofewa koma imamata m'kamwa ndi pakhosi. Mpunga umabalalika. Usipa uli ndi minga. Ndiwo za msuzi wamadzimadzi wokhala ndi zidutswa ndiye zovuta koposa, chifukwa msuzi umathamangira pakhosi munthu akadatafuna. Thobwa nalo lili ndi timisere. Musaganizire nokha. Mufotokozereni katswiriyo chakudyacho, kapena mubweretsereni aone, akuuzeni mlingo wake.

Podyetsa, wodwala akhale tsonga, ali maso bwino, wailesi itazimitsidwa. Supuni yaing'ono, imodziimodzi, ndipo muone kuti wameza musanawonjezere. Mukamaliza yang'anani m'tsaya la mbali yofooka, chifukwa chakudya chimabisala mmenemo iye osamva. Akhalebe tsonga mphindi 30. Mukamva mawu asintha kukhala ngati ali ndi madzi pakhosi, kapena akutsokomola, maso akulengeza misozi, kupuma kwafulumira, siyani pomwepo n'kuuza namwino. Thupi likatentha tsiku lotsatira, kapena akayamba kusokonezeka mutu, ganizirani za chibayo ndipo musagone nazo.

Ufa wolimbitsa zakumwa uli ndi zovuta zake. Ambiri sakonda madzi olimbitsidwa, ndiye amamwa pang'ono mpaka thupi kuuma. Mkodzo ukachepa n'kuda, nenani. Chitini cha ufawo chisakhale pafupi ndi bedi. Mu 2015 akuluakulu a zaumoyo ku England anatulutsa chenjezo munthu wina atamwalira chifukwa chomeza ufawo uli wouma. Mapilitsinso musawaphwanye musanafunse wa ku famase, chifukwa ena anapangidwa kuti azisungunuka pang'onopang'ono.

Zilonda zogonera pa khungu lakuda

Ife tikagona timatembenuka tokha kambirimbiri osadziwa, chifukwa thupi likapanikizika limatiuza. Wodwala sitiroko mbali yofooka sangaisunthe, ndipo mwina saimva n'komwe. Pamene fupa likukanikiza mnofu pa matiresi magazi sayenda, ndipo mnofu umayamba kufa m'maola ochepa chabe. Nthawi zina kuwonongeka kumayambira mkati, pafupi ndi fupa, khungu likuonekabe lathunthu. Malo ake ndi pansi pa msana pamwamba pa matako, zidendene, m'mbali mwa chiuno, akakolo, zigongono, ndiponso pamphuno pamene pakhudza kachubu.

Apa pali nkhani imene tiyenera kuilankhula tokha. Kwa zaka zambiri mabuku a anamwino ankaphunzitsa kuti chizindikiro choyamba ndi khungu lofiira limene siliyera ukalidina ndi chala. Pa khungu lathu kufiira kumeneko sikuoneka. Zotsatira zake, zilonda za anthu akuda zimapezeka mochedwa, zitaboola kale. Choncho gwiritsani ntchito manja, osati maso okha. Yerekezani chidendene chamanzere ndi chamanja pa kuwala kokwanira. Fufuzani malo amene ada kuposa khungu lozungulira, kapena aoneka ofiirira ngati biringanya, kapena akunyezimira. Khudzani ndi kuseri kwa dzanja: pakutentha kapena kuzizira mosiyana ndi pena? Palimba ngati chipande, kapena pafewa ngati nthochi yakupsa? Wodwala akati pakuwawa kapena pakuotcha, mukhulupirireni ngakhale inu musakuona kanthu. Inu mumalidziwa khungu la m'bale wanu kuposa namwino amene wamuona lero. Muuzeni zimene mwaona, ndipo mupemphe kuti zilembedwe.

Kuchipatala amayenera kuyeza chiopsezo cha zilondazi pasanathe maola 6 munthu atagonekedwa. Malangizo a dziko lino a 2014 amati amene ali pachiopsezo asinthidwe kagonedwe pasanathe maola 6 aliwonse, ndipo amene ali pachiopsezo chachikulu pasanathe maola anayi. Amenewo ndi malire otalikitsa. Ambiri ofa ziwalo amafunika kuwatembenuza pafupipafupi kuposa pamenepo, malinga ndi mmene khungu likuonekera. Matiresi a mpweya amathandiza koma salowa m'malo mwa kutembenuza.

Potembenuza, si bwino kumugoneka chammbali kwenikweni, chifukwa thupi lonse limalemera pa fupa la m'chiuno. Mupendekeni pang'ono, pafupifupi madigiri 30, pilo ali kumsana ndi wina pakati pa mawondo. Zidendene zikhale m'malere, pilo atayalidwa m'litali pansi pa akatumba. Pali kukokana pang'ono pakati pa mfundo ziwiri zimene taphunzira: mapapu amafuna mutu wa bedi ukwezedwe, makamaka kwa wodyera m'kachubu, koma ukakwera kwambiri munthu amatsetserekera kumiyendo ndipo mnofu wa pamatako umang'ambikira mkati. Anamwino amathetsa zimenezi pokweza pang'ono mbali ya mawondo asanakweze mutu. Akatsetsereka musamukoke pa nsalu ya pabedi, ndipo musayerekeze kumukoka ndi mkono wofooka, chifukwa phewa lake limaguluka mosavuta ndipo ululu wake umatha miyezi. Itanani anthu awiri ndi nsalu yoterera imene anaipangira ntchito imeneyi.

Chizolowezi china chakwathu n'kutikita ndi mafuta pamalo pamene pada. Cholinga n'chabwino, koma kutikita kumawonjezera kuphwanya mnofu umene wavulala kale. Ingochotsanipo kulemera. Khungu likhale loyera ndi louma, thewera lisinthidwe likangonyowa, chifukwa mkodzo umafewetsa khungu.

Mudzaonanso miyendo ya wodwala itavekedwa zinthu zofufuma ndi kuphwa ndi mpweya. Zimenezo n'zoteteza magazi kuundana m'miyendo. Kafukufuku wa ku Britain wa 2013 anaonetsa kuti zimathandiza, pamene masokosi othina aja, amene anayesedwa mu 2009, sanathandize odwala sitiroko ndipo ankabweretsa zilonda. Musamugulire masokosi otero. Musafulumirenso kumuimiritsa tsiku loyamba pofuna kumulimbitsa. Kafukufuku wina wamkulu wa 2015 anapeza kuti kudzutsa wodwala kwambiri m'maola 24 oyamba kumachepetsa mwayi wochira bwino. A mafizo ndi amene anganene tsiku loyamba kukhala pampando ndi utali wake.

Tsiku lotuluka lisanafike, funsani zinthu izi zilembedwe papepala: nambala ya mlingo wa chakudya ndi ya zakumwa, maola otembenuzira, matiresi ndi khushoni ya pampando zimene zibwere kunyumba, ndi nambala ya foni ya anamwino oyendera m'makomo. Ngati osamalira akhale anthu a mashifiti osiyana, monga zimakhalira m'nyumba zathu zambiri, pachikani pepala pakhoma pomwe aliyense azilemba nthawi imene watembenuza wodwala, mbali imene wamugonekera, ndi zimene waona pa khungu. Wobwera ku shifiti ya usiku awerenge pepalalo asanavule jekete.